Mwayi wa ntchito pa banja lathu

Moni nonse a pagulu la banja. Ikani kaye pansi zomwe mwagwira, chifukwa pano patuluka ntchito zingapo, ndipo mayina a ozigwira tasankha kale. Palibe kulemba kalata yofunsira.

Bwana wake ndi mlendo amene akuyembekezeka kufika pa 14 Novembala. Panopa ali ndi masabata 13, kutalika kwake ndi masentimita 7, ngati chala chamkombaphala, ndipo kamtima kake kakugunda maulendo oposa 150 pa mphindi imodzi. Akukhala kaye kwa mpongozi wanu, mayi akunyumba kwanga, osalipira lendi.

Amayi ndi ababa, mwakwezedwa pa udindo. Kuyambira Novembala muzitchedwa agogo, ndipo yambani kuzolowera kuyankha. Amayi, nyimbo zogonekera mwana zija muzikumbukire. Ababa, maondo anu ndiwo mpando wa bwanayu.

Achemwali, inu ndinu azakhali. Ntchito yanu yayamba kale: kuperekeza mlamu wanu ku sikelo masiku amene ine ndachoka, ndi kumukumbutsa mapilitsi owonjezera magazi tsiku lililonse, chifukwa akamamva nseru amafuna kuwadumpha. Achimwene, inu ndinu bambo aakulu, ndiye chilichonse cholemera pakhomo pano chikudikira mapewa anu. Alamu anga, a malume a mwanayu, foni yanu isamazime usiku kuyambira pa 24 Okutobala. Tsiku limenelo masabata akwana 37, ndipo kuchokera pamenepo mlendo angathe kugogoda nthawi iliyonse mpaka sabata ya 42. Ana ambiri sabadwa pa tsiku lenileni lolembedwa m'buku la kusikelo, choncho pa 15 Novembala musatiimbire ndi mantha.

Malipiro ake ndi kunyamula mwana. Wosamba m'manja ndiye woyamba pamzere.

Tili ndi zopempha, ndipo apa tikunena zenizeni. Nkhaniyi ikhale ya pagulu pano mpaka titaiulula tokha, musaiike pa sitetasi. Mukamabwera kudzationa musadzithire mafuta onunkhira kwambiri, pakuti fungo likumuyambitsa nseru, makamaka m'mawa. Anamwino ati kawirikawiri zimenezi zimachepa mwezi wachinayi ukamapita. Komanso musamupatse mankhwala aliwonse, ngakhale amene anakuthandizani inuyo, asanawaone a kusikelo. Ena amatha kuvulaza mwana ali m'mimba.

Tikudziwa funso lomwe zala zanu zayamba kale kulemba. Kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, sikani ya masabata 20 ili pa 27 Juni, ndipo tidziwa ngati mwini wake atagona bwino n'kudzionetsa. Aliyense alembe pano zomwe akuganiza lisanafike tsikulo. Wolephera achapa matewera sabata yoyamba.

Amene walandira ntchito yake ayankhe kuti "ndavomera". Amayi, musavutike kulemba, tikuimbirani pompano kuti timve nthungululu.

Ndine mwana wanu, pamodzi ndi mpongozi wanu.