Kwa makolo odzipereka: dongosolo lokonza zoseweretsa za ana Loweruka likudzali

Makolo anzanga,

Tikumane pasukulu Loweruka nthawi ya 8 koloko m'mawa, tidzaweruka 12 koloko. Ana athu alipo 42, koma zoseweretsa zomwe zatsala sizidzaza ngakhale katoni imodzi. Ndalama yomwe ili m'thumba la komiti ingokwanira masizasi awiri, ulusi, sandipepa ndi makrayoni. Tagwirizana kuti tigule zokhazo zomwe sitingatole. Zina zonse zichokera m'nyumba mwathu.

Pempho langa lalikulu ndi ili: tisapange zinthu zamitundumitundu, chimodzichimodzi. Mwana wa zaka zitatu kudikira mnzake sakudziwa. Chidole chikakhala chimodzi, ngakhale chikongole bwanji, chimangobweretsa kulimbirana ndi kulira. Tipange mitundu inayi yokha, koma mtundu uliwonse uchuluke.

Zotsekera mabotolo ndiye zifunika zambiri zedi, chifukwa ana amawerengera, kusanja mitundu ndi kundandalika mizere. Banja lililonse libweretse 20, zotsuka ndi sopo. Makatoni tidzajambulapo chithunzi chachikulu, monga nsomba kapena nyumba, n'kuchidula kuti ana azichilumikiza: zidutswa zinayi kwa a zaka zitatu, zisanu ndi zitatu kwa a zaka zisanu. Kuseli kwa zidutswa za chithunzi chimodzi tiike chizindikiro chofanana, apo ayi zikasakanikirana palibe adzazilekanitse. Amayi odziwa kusoka atenge nsanza apange zidole ndi mipira yofewa. Abambo awiri alonjeza kukapempha zidutswa za matabwa kwa akalipentala, zoti ana azimangira nyumba.

Pa chitetezo ndiye ndikupemphani tisanyengererane. Botolo kapena chitini chomwe munali mankhwala chisafike pano, ngakhale mwachitsuka kangati. Maso a zidole tisoke ndi ulusi, osati mabatani, chifukwa mwana amazula batani n'kuliponya m'kamwa kapena m'mphuno. Thabwa lililonse tilipale ndi sandipepa, kenako mudzikhule nalo kuseli kwa dzanja. Likakukandani inu, kwa mwana silinayenere. Zotsekera mabotolo zizituluka pokhapokha mlezi ali pomwepo, ndipo tiana tobwera kumsana tisazikhudze.

Alipo ena andiuza kuti alibe luso lamanja. Bwerani ndithu. Kutsuka, kudula, kusanja, kulera ana a anzanu amene akusoka, yonseyo ndi ntchito. Agogo, tikufuna nthano ndi nyimbo zanu. Tidzazilemba m'kope kuti alezi azizigwiritsa ntchito.

Tikamaliza, zoseweretsazo tidzazigawa pawiri. Theka lizikhala m'kalasi, theka lina m'katoni pamalo ouma, ndipo tizisinthanitsa pakatha milungu iwiri kuti ana asatope nazo msanga. Tidzasankhanso kholo limodzi loti Lachisanu lililonse liziona zong'ambika ndi zosowa.

Zomwe mwatolera muzisiye kwa mlezi pofika Lachinayi, kuti tidziwiretu zomwe zaperewera. Amene muli ndi singano kapena sizasi kunyumba, mudzabwere nazo.

Ine wanu,
Mlezi wamkulu, m'malo mwa komiti ya makolo