Pempho la ntchito ya kalaliki wosunga katundu

Okondedwa Bwana,

Ndikupempha ntchito ya kalaliki wosunga katundu imene mwalengeza m'nyuzipepala pa 3 Juni. Ndaphatikiza sivi yanga ya masamba awiri pa imelo ino, m'fayilo ya Chisomo_Banda_CV.pdf.

Ntchitoyi ndaigwira zaka 4 pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira. Katundu akafika ndimamuwerenga ndi kumuyerekeza ndi oda komanso invoisi ndisanasaine, ndipo wosweka kapena wopereweza ndimamulemba dalaivala asanachoke, poti akachoka mlandu umatsalira wolandira. Simenti ndi penti ndimatulutsa zimene zinayamba kufika, kuti zisaumire m'nyumba. Pakutha pa mwezi ndimawerenga katundu yense n'kufananiza ndi zolembedwa mu Excel.

Ndili ndi dipuloma ya kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu ya 2019. Masatifiketi sindinawaphatikize chifukwa simunawapemphe, koma ndidzabwera nawo mukandiitana kudzandifunsa mafunso.

Nditha kuyamba patatha mwezi umodzi mutandidziwitsa. Nambala yanga ya foni ili pamwamba pa tsamba loyamba la siviyo. Fayilo ikakana kutseguka, chonde ndiuzeni nditumizenso.

Ine wanu,
Chisomo Banda