Kalata yodziwitsa Bambo Chimkwita za kutha kwa kontirakiti yawo

Ofesi ya Kopaletivu ya Alimi a Mbatata ya Kachewere
Bembeke, Dedza

26 Meyi 2025

Kwa Bambo Chimkwita
Mlangizi wa ntchito yochulukitsa mbewu

Okondedwa Bambo,

KUTHA KWA MGWIRIZANO WANU WA NTCHITO PA 30 JUNI 2025

Ndikulemba m'malo mwa komiti yoyendetsa kopaletivu, kutsatira zomwe tinakambirana nanu pamaso mu ofesi muno Lachinayi lapitali. Mgwirizano wa ntchito womwe munasayina ndi ife unali wa zaka ziwiri, kuyambira pa 1 Julaye 2023 mpaka pa 30 Juni 2025. Komiti yagwirizana kuti mgwirizanowu ukatha sitiwonjezera nthawi ina ndipo sitisayina wina watsopano. Choncho tsiku lanu lomaliza pa ntchito ndi Lolemba, pa 30 Juni 2025.

Kalata yanu ya pa 5 Meyi yopempha chaka china tinailandira, ndipo inawerengedwa pa msonkhano wa komiti. Yankho lake ndi lomweli, ndipo ndi lotsiriza. Ndanena mosabisa chonchi kuti musakhale mukudikira uthenga wina pomwe nthawi yofunafuna ntchito kwina ikupita.

Chifukwa chake ndi ichi. Udindo wanu unakhazikitsidwa chifukwa cha ntchito yochulukitsa mbewu ya mbatata, ndipo malipiro anu onse amachokera ku thandizo la ndalama lomwe tinapatsidwa pa ntchito imeneyi, monga ndime yachiwiri ya mgwirizano wanu ikunenera. Thandizolo likutha mwezi wa Juni ndipo amene anatipatsa atiuza polemba kuti sapitiriza. Komiti inayesa kuwerengera ngati zopereka za mamembala ndi phindu la zogulitsa zingakwanitse kulipira mlangizi mwezi ndi mwezi, kuphatikiza mafuta a njinga yamoto. Sizinakwane. Udindowu ukutsekedwa, ndipo palibe munthu wina amene tikumulemba m'malo mwanu.

Simukuchotsedwa ntchito, Bambo, ndipo palibe mlandu uliwonse womwe tikukuimbani. Mu fayilo yanu mulibe kalata ya chenjezo ngakhale imodzi. Magulu a alimi omwe mwakhala mukuwayendera kuno ku Bembeke ndi ku Kanyama tsopano amadziwa kuzula mbewu yodwala isanapatsire inzake, amasunga mbewu pa thandala m'malo mounjika pansi, ndipo mabuku a m'nkhokwe munawasunga mwadongosolo kotero kuti owerengera chuma sanapezemo chofunsa. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, kuzizira kwa kuno kukafika pachimake, inu mumakhala mutafika kale ku madimba ena tisanatsegule ofesi. Zimenezi komiti ikuzidziwa, ndipo wina akakufunsani chomwe mwachokera, kalata ino mukhoza kumuwonetsa.

Pa mbali ya malamulo: Lamulo la za Ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 28, limati mgwirizano wa nthawi yoikika umatha wokha tsiku lomwe linalembedwa likakwana, popanda kufunika notisi. Ife taona kuti n'kwaulemu kukudziwitsani masabata asanu tsikulo lisanafike. Kalata ino musaitenge ngati notisi yodula mgwirizano pakati. Mgwirizano ukupitirira monga mwa masiku onse mpaka tsiku lake, malipiro anu sasintha, ndipo ntchito tikuyembekeza kuti muigwira mpaka pomwepo.

Ndalama zanu zomaliza zikhala motere. Malipiro a mwezi wa Juni ndi K220,000. Pa masiku 15 a tchuthi omwe mumayenera kulandira pa chaka, mabuku athu akuwonetsa kuti mwatsala ndi masiku 9 omwe simunapume. Popeza Juni ndi mwezi wosiyirana ntchito, tikupemphani kuti masikuwa tikulipireni ndalama, K90,000, powerengera K10,000 pa tsiku. Zonse pamodzi ndi K310,000. Pamenepa tidzachotsa msonkho wa boma, gawo lanu la penshoni, ndi K30,000 yotsala pa ngongole ya malipiro yomwe munatenga mu Febuluwale, monga munavomerezera polemba pa nthawiyo. Lamulo limatipatsa masiku asanu ndi awiri kuchokera tsiku lomwe ntchito yatha, koma ife tidzaika ndalamazi ku akaunti yanu ya ku banki pofika Lachisanu, pa 4 Julaye 2025, pamodzi ndi pepala lowonetsa mmene tawerengera. Ngati masiku a tchuthi mumawawerenga mosiyana ndi ife, bwerani ndi zomwe munalemba kuti tifananize ndi msungichuma pasanafike pa 13 Juni.

Munafunsanso za ndalama ya chipukutamisozi yomwe anthu amalandira akachotsedwa ntchito. Imeneyi siperekedwa pamene mgwirizano wa nthawi yoikika wafika kumapeto kwake, ndipo mu mgwirizano wanu mulibe ndime yolonjeza ndalama ina yothokoza. Chomwe chilipo ndi penshoni. Mwezi uliwonse kopaletivu yakhala ikuika 10 peresenti ya malipiro anu, inu n'kumaika 5 peresenti, ndipo ndalama yonseyo ndi yanu. Ya mwezi wa Juni tidzatumizanso, kenako tidzalembera kampani yosunga penshoni kuidziwitsa kuti mwasiya ntchito kuno. Za katengedwe kapena kasamutsidwe kake mukakambirana ndi iwowo. Mafomu ofuna chidindo chathu tidzadinda tsiku lomwe mwabwera nawo.

Pa tsiku lomaliza mudzalandira satifiketi yosonyeza kuti munagwira ntchito kuno, monga gawo 31 la lamulo lomwe lija limafunira. M'satifiketiyo mudzalembedwa dzina ndi adiresi ya kopaletivu, ntchito yomwe timachita, udindo wanu, nthawi yomwe mwagwira ndi malipiro anu. Chifukwa chosiyira ntchito chidzalembedwamo pokhapokha inu mutapempha. Kalata yokuchitirani umboni kwa olemba ntchito ena ndilemba ine mwini, ndipo simukuyenera kudikira Juni. Mukaifuna sabata ino, nenani. Mukaitanidwa ku mayeso a ntchito, kaya ku Dedza boma, ku Ntcheu kapena ku Lilongwe, dziwitsani manijala dzulo lake ndipo mudzaloledwa kupita osadulidwa malipiro.

Katundu wa kopaletivu yemwe ali m'manja mwanu ndi njinga yamoto ndi makiyi ake, chipewa chake, foni ya ku ntchito, sikelo yonyamula m'manja, makiyi a nkhokwe ya mbewu ndi mabuku a magulu. Zonsezi mudzapereke kwa manijala Lachisanu, pa 27 Juni, ndipo mudzasayinirane pa chilichonse. Buku la alimi omwe anakongola mbewu ndilo tikulifuna msanga, pofika pa 16 Juni, likuwonetsa yemwe wabweza, yemwe watsala ndi matumba angati, chifukwa ngongolezi komiti idzazitsata yokha. M'sabata ziwiri zomaliza muzidzayenda ndi alimi otsogolera a gulu lililonse kuti muwasiyire zomwe mumachita, ndipo inenso ndidzabwera pa misonkhanoyo kudzawafotokozera za kusinthaku kuti nkhaniyi aimve kwa komiti, isakhale pa mapewa anu.

Mtsogolo muno tikadzapeza thandizo lina n'kutsegulanso udindo wa mlangizi, tidzalengeza poyera ndipo muli ndi ufulu wofunsira ngati wina aliyense. Ili si lonjezo la ntchito, ndipo pakadali pano palibe thandizo lomwe tikuliyembekezera.

Ngati pali china m'kalata muno chomwe simukugwirizana nacho, tilembereni pasanathe masiku khumi ndi anayi, ndipo komiti idzakuyankhani polemba. Mulinso ndi ufulu wokafunsa uphungu kapena kukadandaula ku ofesi ya leba pa boma la Dedza, ndipo kutero sikudzakhudza malipiro anu kapena kalata yanu ya umboni.

Kalatayi yalembedwa makope awiri. Chonde sayinani kope imodzi ndi kuibweza ku ofesi pofika Lachisanu, pa 30 Meyi. Kusayinako kukungotanthauza kuti mwailandira, osati kuti mwavomereza zonse zili m'menemo.

Zikomo kwambiri chifukwa cha ntchito yomwe mwagwira pakati pathu zaka ziwirizi. Tikufunirani zabwino inu pamodzi ndi banja lanu.

Ine wanu,

Mayi Kachingwe
Wapampando wa Komiti

Makope ena apita kwa manijala ndi msungichuma.