Ndondomeko Yochongera Chimangirizo cha Mtsutso, Fomu 3, Teremu Yachiwiri

Kwa aphunzitsi onse a Chichewa a Fomu 3, kuchokera kwa mkulu wa Dipatimenti ya Ziyankhulo.

Mutu: "Ogulitsa malonda m'misewu achotsedwe mumzinda wa Lilongwe." Vomerezani kapena tsutsani. Mawu 350 mpaka 500. Malikisi onse ndi 40.

Ophunzira aione ndondomekoyi asanalembe. Ikopedwe pabolodi, aliyense adziwe chomwe chikufunika kuti akwere gawo. Magawo ndi anayi: Wapambana, Wachita Bwino, Wayesetsa, Akufunika Thandizo.

1. Mfundo ndi umboni (malikisi 16)

Wapambana, 13-16: waonetsa mbali yake m'chiyambi ndipo sanaisinthe. Wapereka mfundo zinayi kapena kuposa, iliyonse ndi chifukwa chake komanso chitsanzo. Watchulanso ganizo la otsutsa n'kuliyankha.
Wachita Bwino, 9-12: mbali yake ikudziwika, mfundo zitatu zatambasulidwa, koma otsutsa wangowatchula kapena sanawakhudze.
Wayesetsa, 5-8: mfundo zilipo koma wangozindandalika, kapena wabwereza imodzimodzi m'mawu ena.
Akufunika Thandizo, 0-4: mbali yake siikudziwika, kapena wasochera pamutu.

Apa ndi pamene ochonga timasiyana kwambiri, choncho taonani ziganizo ziwiri izi. "Mavenda amadetsa mzinda." Imeneyi ndi mfundo yongotchulidwa, malo ake ndi gawo la Wayesetsa. "Ogulitsa akayala tomato ndi kaunjika m'mbali mwa msewu wa Malangalanga, oyenda pansi amalowa mumsewu n'kumalimbirana malo ndi maminibasi ochokera kudepoti, ndipo ngozi siichedwa." Imeneyi ili ndi malo, chochitika ndi zotsatira zake. Mwana amene waikira kumbuyo mavenda, n'kunena kuti m'misika malo ndi ochepa ndipo mayi wogulitsa mandasi ndiye akulipirira ana fizi, ayenera malikisi omwewo ngati watambasula chimodzimodzi. Tikuchonga mmene wamangira mtsutso. Maganizo athu pa nkhani ya mavenda asalowemo.

2. Kasanjidwe (malikisi 8)

7-8: chiyambi, thunthu ndi mathero zikuoneka, ndime iliyonse yanyamula mfundo imodzi, ndimezo zalumikizidwa ndi mawu monga "kuwonjezera apo" ndi "ngakhale zili choncho".
5-6: zigawo zitatuzo zilipo, koma ndime imodzi kapena ziwiri zasakaniza mfundo.
3-4: chiyambi kapena mathero palibe, kapena m'mathero mwatulukira mfundo yatsopano.
0-2: zonse zili m'ndime imodzi.

3. Chiyankhulo (malikisi 10)

9-10: mawu ndi oyenera mtsutso, ziganizo zazitali ndi zazifupi zasinthana, agwirizanitsi ndi olondola.
6-8: tanthauzo likumveka paliponse, zolakwa za agwirizanitsi siziposa zitatu.
3-5: wochonga akuchita kubwereza ziganizo zina kuti amve, mwalowa Chingerezi kapena mawu a pafoni monga "bho".
0-2: tanthauzo likutayika kawirikawiri.

Mwambi sumabweretsa malikisi pawokha. Ana ambiri amaloweza miyambi n'kuithira paliponse. Woyenera pamalo pake ukweze mwana mkati mwa gawo lake, wokakamiza ungodutsidwa.

4. Malamulo a kalembedwe (malikisi 6)

Werengani mitundu ya zolakwa pa malembo, kulumikiza ndi kulekanitsa mawu, malembo aakulu, mpumiro ndi mpatuliro. 6: zolakwa siziposa ziwiri. 4-5: zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi. 2-3: zisanu ndi ziwiri mpaka khumi. 0-1: kuposa khumi. Wolemba "kulila" m'malo mwa "kulira" kasanu walakwa kamodzi kokha, chifukwa lamulo lomwe sakulidziwa ndi limodzi.

Kachongedwe

Werengani pepala lonse kaye cholembera chofiira chili pansi. Kachiwiri sankhani gawo lomwe likufanana kwambiri ndi ntchitoyo, kenako malikisi: apamwamba ngati zonse za m'gawolo zakwanira, apansi ngati wangopsereza. Cholakwa chimodzi chisalangidwe pawiri. Malembo olakwika achotsetse malikisi pa nambala 4 pokha. Zilembo zokongola zisatinyenge, ndipo zonyansa koma zowerengeka zisachotsetse kanthu.

Chimangirizo chosafika mawu 250 chisapose 8 pa mfundo. Chosochera pamutu chichongedwebe pa nambala 2, 3 ndi 4, koma chonse chisapose 16. Mapepala awiri akafanana liwu ndi liwu, musawachonge, abwere kwa ine.

Lachiwiri nthawi ya 2 koloko tikumane mustafu, tichonge mapepala asanu omwewo, aliyense payekha, mayina ataphimbidwa. Tikasiyana ndi malikisi oposa 3 papepala limodzi, tiwerenga limodzi mpaka tipeze mawu a m'ndondomekoyi amene tawamva mosiyana, n'kuwakonza tisanagawane mulu wonse.

Papepala lililonse lembani malikisi anayiwo padera, ndi chiganizo chimodzi chouza mwana chochita, monga: "Ndime yachitatu ikusowa chitsanzo, tchula malo ndi zomwe zimachitikapo." Mapepala abwezedwe kwa ophunzira pasanathe masabata awiri.