Tikukuitanani kudzakambirana za maphunziro a Tadala

Okondedwa Bambo ndi Mayi Phiri,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumbako. Ine ndine Mayi Nkhoma, mphunzitsi wa Tadala mu Sitandade 5. Ndalemba kalatayi mogwirizana ndi aphunzitsi aakulu, kukupemphani kuti mutipatseko mphindi 30 sabata yamawa, tidzakhale pansi n'kukambirana mmene mwana wathuyu akuchitira m'kalasi.

Mtima ukhale m'malo, Tadala sanapalamule chilichonse. Ndi mwana waulemu, ndipo m'mawa wa chifunga cha kuno ku Bembeke, anzake akukumbatira manja ndi kuzizira, iye ndi amene amayamba kugwira tsache. Pa mayeso a teremu yoyamba anapeza 78 pa 100 pa Chichewa, ndipo chimangirizo chimene analemba chokhudza kukumba kachewere ndi agogo ake ndinawerengera kalasi yonse.

Pamene pakundidetsa nkhawa ndi pa masamu ndi sayansi. Masamu anapeza 41, chonsecho lipoti lake la Sitandade 4 likuonetsa kuti phunziroli ankalikhoza bwino. Monga mukudziwa, kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa timaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo ana ambiri amayamba atsimphina pamenepa. Ndikuona kuti Tadala chamugwira mwendo n'chomwecho. Lachitatu lapitali ndinapereka samu ya mayi wogulitsa ndowa za tomato pa msika wa Lizulu. Tadala anangoti duu, cholembera chili kukamwa, dzanja lina ataphimbira kope kuti ndisaone kuti sanalembe kanthu. Nditamufotokozera funso lomwelo m'Chichewa, anayankha ndisanamalize n'komwe kulankhula, yankho lake lolondola. Mutu ulipo ndithu. Chikumutsekereza ndi chiyankhulo, ndiponso manyazi ofunsa pagulu.

Pali kanthu kenanso kamene ndikufuna mudzandithandize maganizo. Akamakopera za pa bolodi amatsinzinira maso, nthawi zina mpaka kudzuka n'kusendera kutsogolo. Panopa ndamukhazika pa mzere woyamba. Ine si wachipatala, koma ndingakonde kumva ngati nanunso mwaonapo zotere kunyumba, kuti tione ngati n'koyenera kukamuyezetsa maso ku chipatala cha boma ku Dedza. Komanso m'mwezi wa Januwale Tadala anafika mochedwa kanayi, masiku onsewo kutagwa mvula usiku, ndipo akuti ankadikira kuti madzi aphwe pa mtsinje. Pamenepo sindimudzudzula, ndi bwino kuchedwa kusiyana n'kuwoloka madzi odzaza. Kungoti masamu timayamba nawo m'mawa, ndiye tifunika kupangana njira yoti azipezera zimene zamudutsa.

Mayeso a MANEB a Sitandade 8 akuoneka ngati ali kutali, koma mapepala ake onse kupatula Chichewa amabwera m'Chingerezi. N'chifukwa chake ndikufuna tiyambepo chaka chino, mtima wake usanafooke.

Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo ya kumunda, choncho ndakonza nthawi zitatu kuti musankhe yokukomerani:

1. Lachiwiri, pa 11 Febuluwale, 2 koloko masana
2. Lachinayi, pa 13 Febuluwale, 3 koloko masana
3. Lachisanu, pa 14 Febuluwale, 7 koloko m'mawa, tisanalowe m'kalasi

Poyankha musavutike n'kulemba zambiri. Ingoyankhani imelo yomweyi ndi nambala imodzi, 1, 2 kapena 3, basi ndamva. Netiweki ikavuta, lembani nambalayo kumapeto kwa kope la masamu la Tadala, ndidzaiona m'mawa mwake. Ngati masiku onsewa sakutheka, tchulani tsiku lanu, kapena tidzalankhulane pa foni madzulo. Chonde yankho lanu lindipeze pofika Lachisanu lino, pa 7 Febuluwale.

Mukabwera nonse awiri zidzakhala bwino kwambiri, koma mmodzi ndi wokwanira. Mukatanganidwa, agogo ake kapena amalume ake akhoza kukuimirirani, makamaka amene amakhala naye madzulo akamalemba ntchito ya kunyumba. Palibe ndalama iliyonse yofunika pa msonkhanowu. Mudzangotenga makope ake a masamu ndi Chingerezi, ndi buku lake la kuchipatala ngati lili pafupi. Mukafika mudzafunse ku ofesi ya aphunzitsi aakulu, ndidzakulandirani komweko.

Tidzayamba tokha akuluakulu, kenako mphindi 10 zomaliza tidzamuitana Tadala kuti naye anene zakukhosi kwake. Ndamuuza kale kuti ndakulemberani, ndipo anachita kankhope ka mantha. Chonde mumulimbitse mtima madzulo ano, mumuuzenso kuti chimangirizo chake chija ndachisunga kuti mudzachione.

Zikomo kwambiri.

Ine wanu,
Mayi E. Nkhoma
Mphunzitsi wa Sitandade 5