Chikonzekero cha phunziro: Zomwe zili mu utsi wa fodya

Sitandade: 7 (ophunzira 64, sukulu ya pulayimale m'boma la Kasungu)
Phunziro: Zaumoyo
Nthawi: Lachitatu m'mawa, mphindi 70

Zizindikiro za kakhonzedwe
Ophunzira atchula phula, kaboni monokisaidi ndi amoniya, afotokoza zomwe chilichonse chimachita m'thupi, ndipo anena chifukwa chake utsi umavulazanso munthu wosasuta.

Zipangizo
Botolo lapulasitiki lobowola pachivundikiro, thonje loyera, ndudu imodzi, machesi, tchati cha mapapo ndi mtima.

Chiyambi (mphindi 8)
Funsani kuti: "Mukuganiza kuti mu utsi wa ndudu muli zinthu zingati?" Alekeni aponye manambala awo. Kenaka lembani pabolodi: zoposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa izo zimayambitsa khansa.

Ntchito yoyamba: botolo losuta (mphindi 20)
Tulukani panja, ophunzira aime kumene kukuchokera mphepo. Ndudu ndi machesi azigwira ndi mphunzitsi yekha. Ikani thonje pakhosi pa botolo, tsekani, lowetsani ndudu pabowo ndi kuiyatsa. Finyani botolo ndi kulisiya mobwerezabwereza mpaka ndudu ithe. Tulutsani thonjelo, liikeni papepala pambali pa thonje lina loyera, ophunzira adutse m'magulu kuona. Musafulumire apa. Mwana amene waona yekha thonje litasanduka lodera ndi lonanda saiwala msanga. Funsani: "Iyi ndi ndudu imodzi. Nanga wosuta zisanu patsiku kwa chaka?"

Ntchito yachiwiri: kufotokoza (mphindi 22)
Phula ndi lija latsalira pathonje. Limamata m'njira za mpweya monga mwaye umamatira kudenga la khitchini. M'njirazi muli titsitsi ting'onoting'ono timene timakankhira kunja fumbi ndi makhololo. Phula limatifooketsa, n'chifukwa chake wosuta amakhosomola kwambiri akadzuka. Zambiri zoyambitsa khansa ya m'mapapo, m'kamwa ndi pakhosi zili m'phulamu. Sefa ya kumapeto kwa ndudu imagwirako pang'ono chabe.

Kaboni monokisaidi ndi wovuta kumvetsa chifukwa saoneka ndipo sanunkha. Yambani ndi zomwe akudziwa: n'chifukwa chiyani sitigona ndi mbaula yamakala m'nyumba yotseka? Mpweya umene umapha anthu pamenepo ndi womwewu. Ukalowa m'magazi umakanirira m'maselo ofiira mwamphamvu yoposa ya okosijeni maulendo oposa 200, choncho magazi amanyamula okosijeni wochepa. Mtima umagunda kwambiri kuti ukwanitse ntchito, munthu amachita befu akangothamanga pang'ono, ndipo mwana wa mayi woyembekezera amene amasuta angathe kubadwa wochepa sikelo.

Amoniya ndi mpweya wa fungo lolasa mphuno, lomwe limamveka pamalo okodzera osatsukidwa. Amapangira feteleza ndi mankhwala ena otsukira. Mu utsi amayabwa m'maso, m'mphuno ndi pakhosi.

Tchulaninso nikotini mwachidule: amafika kuubongo m'masekondi ochepa ndipo ndi amene amabweretsa chibaba.

Ntchito yachitatu: kukambirana (mphindi 12)
M'magulu, akambirane mawu awa: "Chingambwe n'chabwino chifukwa ndi fodya wakumunda, alibe mankhwala a kufakitale." Akapereka maganizo, wongolani momveka: phula ndi kaboni monokisaidi zimapangika tsamba likamapsa, kaya lapichiridwa m'pepala kunyumba kaya lachokera m'paketi. Onjezani kuti bungwe la World Health Organization limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi osasuta, ongopuma utsi wa ena.

Chenjezo kwa mphunzitsi: ambiri m'kalasi muno yunifomu ndi makope awo n'zogula ndi ndalama za fodya wa bale, ndipo ena ali ndi agogo kapena bambo osuta. Musalole kuti wina asekedwe, musanyoze mlimi, ndipo musafunse mwana kuti kwawo amasuta ndani. Wina akafunsa chifukwa chomwe timalimira fodya, muyankheni moona kuti ndi mbewu imene yakhala ikubweretsa ndalama zakunja zochuluka m'dziko muno, komanso kuti mu 2023 Malawi adalowa m'pangano la mayiko loletsa kufala kwa kusuta.

Mathero (mphindi 8)
Lozani pamapapo, pamtima ndi pammero patchati, ophunzira atchule chimene chimawononga pamenepo ndi momwe chimawonongera. Funsani makamaka okhala kumbuyo.

Ntchito yakunyumba
Lembani ziganizo zinayi zaulemu zomwe mungauze munthu wamkulu amene akusuta m'nyumba muli khanda. Tidzawerenga zina Lachisanu.