Pempho loti mundiwonjezere masiku oyankhira kalata yanu ya ntchito

Mangochi Boma
Lolemba, 20 Okutobala

Okondedwa Mayi Manejala,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwapumako pambuyo pa chipwirikiti cha alendo a Tsiku la Anakubala. Ine kuno ndili bwino.

Kalata yanu yondipatsa ntchito yoyang'anira sitolo ndi kaundula wa katundu pa loji yanu ndinailandira Lachisanu madzulo, ndipo ndikuthokoza kwambiri. Tinalipo anthu asanu pa benchi paja tsiku la mafunso, ena odziwa ntchito ya m'mahotela kuposa ine, ndiye kusankhidwa kwanga sindikukutenga mopepuka. Ndaiwerenga kalatayo kangapo, ndipo zimene munandiuza pakamwa ndazipezamo monga munanenera: malipiro, miyezi 3 yondiyesa, chipinda chogona ku nyumba za antchito, chakudya cha masana, ndi penshoni yoti inu muziika 10 peresenti ine 5 peresenti monga lamulo likunenera. Palibe chimene ndikudandaula nacho.

Chimene ndalembera ndi tsiku loyankhira. Munati ndisaine ndi kubweza kalatayo pofika Lachisanu likudzali, pa 24 Okutobala. Ndikupempha, ngati n'kotheka, mundilole ndidzayankhe Lachitatu la sabata ya mawa, pa 29 Okutobala, isanakwane 12 koloko masana. Ndi masiku 5 owonjezera, awiri mwa iwo Loweruka ndi Lamulungu.

Chifukwa chake ndikuuzani mosabisa, pakuti tsiku la mafunso munandifunsa ngati ndinafunsira ntchito kwina ndipo ndinavomera. Pali bungwe lina la zaumoyo limene lili ndi ofesi kuno ku boma, logwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za ku Namwera ndi Makanjira. Linandiitana ku mafunso sabata imodzi inu musanandiitane, pa ntchito yofanana ndi yanuyi, yosunga katundu ndi mankhwala. Mmawa uno ndinapita ndekha ku ofesi yawo kukawauza kuti ndili ndi kalata ya ntchito m'manja ndipo nthawi yandithera. Anandiyankha kuti komiti yawo ikumana Lachiwiri pa 28 Okutobala, ndipo andiuza tsiku lomwelo ngati anditenga kapena ayi. Ndinawapempha kuti afulumize koma anati sangathe, chifukwa mmodzi wa osaina akuchokera ku Lilongwe. N'chifukwa chake ndatchula Lachitatu, osati tsiku longoganizira.

Mwina mudzifunsa kuti, nanga ngati ntchito yathu waikonda, ukudikiranji ina? Funsolo ndi loyenera, ndipo ndiyesa kuliyankha ngakhale kalatayi italika.

Si nkhani ya ndalama. Sindikudziwa n'komwe kuti a bungwewo adzatchula zingati, ndipo sindikulemba kuti mukweze malipiro. Nkhani ndi ya pakhomo. Ine ndimakhala ku Malindi ndi mayi anga, amene ali ndi matenda a shuga, ndi mwana wanga wamkazi amene ali sitandade 8 ndipo alemba mayeso chaka chamawa. Panopa ndimadzuka mmawa, kukwera njinga yamoto, kuwoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi, kugwira ntchito pa boma, dzuwa likamalowa ndili pakhomo kuwaonera mayi mankhwala ndi chakudya. Kubwera kwa inu kukutanthauza kugona konko masiku 6 pa sabata, chifukwa sitolo ya loji imatsegulidwa ophika asanayatse moto ndipo imatsekedwa bala itatsekedwa. Kuchoka ku Malindi, kufika pa boma, kenako kudikira minibasi ya msewu wa Monkey Bay kuti idzaze, sizingandifikitse pa ntchito 6 koloko mmawa, makamaka mvula ikayamba. Ntchito ya bungwe lija ingandisiye ndikugona kwathu. Koma nayo ili ndi pake: ndi ya zaka 2 zokha, ndipo ntchito zodalira thandizo la kunja tonse taziona zikutha pakati pa chaka, anthu n'kubweza makiyi. Yanu ndi yokhazikika. Ndiye pali zinthu ziwiri zoti ndiyeze, ndipo chimodzi sindinachione ndi maso.

Kumapeto kwa sabata ino achimwene anga akulu akubwera kuchokera ku Zomba. Kwathu kuno nkhani yosamalira mayi sindingaigamule ndekha, iwo ndi amene ali mwini mbumba. Tikhala pansi ndi mng'ono wanga kuti tione ngati angasamukire kwa mayi pakati pa sabata ine ndikakhala kwa inu. Zikatheka zimenezo, mtolo waukulu wachoka, ndipo ndikhoza kusankha inu ngakhale enawo atanditenga. Ndikunena zoona, mtima wanga wapendekera kwa inu kuyambira pamene munandilowetsa m'sitolo muja n'kundionetsa mashelefu. Ndinatuluka ndikuwerengera kale m'mutu pomwe ndingaike mpunga wa Kilombero kuti usamayandikane ndi sopo.

Pali njira ina imene anzanga angapo andilangiza, ndipo ndaikana. Akuti saina Lachisanu, ukapeza ina Lachiwiri ungowaimbira foni kuti zasintha, si kuti akumanga. N'zoona, palibe angandimange. Koma inu mukhala mutawauza kale anthu anayi aja kuti malo adzaza, ena mwa iwo apita kwina, ndipo mudzayamba kufunafuna munthu mu Novembala pamene Khirisimasi ili pakhomo. Mangochi ndi yaing'ono, Mayi. Amene amagulitsa chambo kwa inu ndi omwewo amene ndimakumana nawo pa msika wa pa boma, ndipo woyendetsa galimoto yanu ndinaphunzira naye sukulu imodzi. Munthu amene mukufuna kumupatsa makiyi a sitolo asayambe ndi kukunamizani pa pepala loyamba. Ndi bwino mundikanize lero masiku 5 kusiyana n'kuti ndikusiyeni pa dzuwa nditasaina.

Tsopano za inu, chifukwa pempho lotere lili ndi mtengo wake kumbali yanu ndipo ndaliganizira.

Tsiku loyamba ntchito silisintha. Munalemba Lolemba pa 1 Disembala, ndipo likhala lomwelo. Kumene ndikugwira panopa, pa sitolo ya zipangizo zomangira, ndimalipidwa pa mwezi, choncho lamulo la ntchito la 2000 likufuna ndipereke notisi ya mwezi umodzi. Kaya ndiyankhe pa 24 kaya pa 29, notisi ndipereka Lachisanu pa 31 Okutobala, ndigwire Novembala yense, ndimusiyire wolowa m'malo mwanga mabuku ali bwino, ndifike kwa inu pa 1 Disembala. Ndiye masiku ndikupemphawa sakudya kanthu pa nthawi yanu yokonzekera alendo a kumapeto kwa chaka.

Ndikudziwanso chimene chikukuthamangitsani. Munanena kuti amene akusunga sitolo panopa achoka pakati pa Disembala ndipo mukufuna tiwerengere limodzi katundu yense asanapite. Munatchulanso za nsomba, kuti Novembala ndi Disembala nyanja imatsekedwa kwa asodzi a makoka kuti chambo chiswane, ndiye zimene zili m'mafiriji zimafunika munthu wozitsata bwino, ndipo magetsi akazima jenereta isasowe dizilo. Zimenezi sindinaziiwale. Ndikavomera ntchito, ndili wokonzeka kubwera Loweruka masana kawiri mu Novembala, ndikaweruka kuno, kudzaona mmene amalembera katundu wolowa ndi wotuluka, popanda malipiro, kuti pa 1 Disembala ndisadzakhale mlendo wofunsa pomwe pali makiyi.

Chimene masiku 5 amenewa angakutayitseni ndi munthu amene anakhala wachiwiri pa mafunso. Ngati ndingakane pa 29, mudzafuna kumuitana, ndipo iyenso ngati ali pa ntchito adzafunika kupereka notisi mwezi usanathe. N'chifukwa chake ndasankha Lachitatu masana osati Lachisanu, kuti mutsale ndi masiku awiri omuimbira ndi kumupatsa kalata Okutobala asanathe. Ngati mukuona kuti n'koyenera kumuuziratu kuti adikire pang'ono, ine ndilibe nazo vuto.

Ndikulonjeza zinthu izi. Sindidzapemphanso masiku ena. A bungwe aja akachedwa, komiti yawo ikalephera kukumana, kapena akangokhala chete, ine ndidzayankhabe Lachitatu isanakwane 12 koloko, ndi zimene ndidzakhale ndikudziwa pa nthawiyo. Akandiyankha msanga, kapena tikagwirizana msanga ndi achimwene Lamulungu, sindidikira Lachitatu, ndidzakuimbirani tsiku lomwelo. Yankho likakhala inde, kalata yosaina ndidzabwera nayo ndekha pamodzi ndi zimene munapempha, chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, dipuloma yanga ndi kalata ya umboni yochokera kumene ndinagwirako kale. Likakhala ayi, mudzamva kwa ine ndi pakamwa panga, osati kwa anthu.

Ngati pa 29 patalika, ngakhale Lachiwiri pa 28 madzulo pangandithandize, ngakhale kuti pamenepo ndidzakhala ndikudalira kuti enawo asunge nthawi yawo. Ndipo ngati simungathe kusuntha tsikulo n'komwe, mwina chifukwa eni loji anagamula kale, ndiuzeni mosaopa kundikhumudwitsa. Ndidzamvetsa, ndipo ndidzakuyankhani Lachisanu pa 24 monga kalata ikunenera. Chokhacho ndikupempha n'chakuti mundidziwitse pofika Lachitatu lino, pa 22, kuti ngati tsiku silisintha ndiwaimbire achimwene tikambirane pa foni m'malo modikira Loweruka.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni kuti mukhale ndi chowaonetsa eni ake ngati akufunika kuvomereza. Ndalembanso m'Chichewa poti titamaliza mafunso tinacheza m'Chichewa pa khonde paja, koma ngati ya mufailo ikufunika m'Chingerezi ndilemba ina yaifupi lero lomwe. Mukafuna tilankhulane, nambala yanga ndi yomwe ili pa kalata yanga yofunsira ntchito. Pakati pa 12 koloko ndi 1 koloko ndimakhala ndapuma, ndipo ikadutsa 5 koloko ndimakhala ndaweruka. Nthawi zinazo bwana amakhala pafupi, ndipo sindinawauze kanthu kufikira nditadziwa kumene ndikupita.

Zikomo kwambiri chifukwa chondikhulupirira, ndi chifukwa chowerenga mpaka pano. Mundiperekere moni kwa bambo wophika wamkulu amene anandipatsa tiyi tsiku lija ndikunjenjemera pa benchi.

Ine wanu mwaulemu,

Amene mwamusankha pa ntchito yoyang'anira sitolo,
wa ku Malindi